Musangoti "Ndiikireni Yabwino": Mmene Mungapemphere Filimu Yokuyenerani

Tsiku lina Loweruka ndinakhala pabenchi m'kasitolo kobenera mafilimu pa Chitakale, kudikira kuti mvula ya chiperoni ipepuke. Pa ola limodzi lokhalo munalowa anthu angapo, aliyense ndi memori khadi kapena fulashi m'manja, ndipo pafupifupi onse ananena mawu amodzimodzi: "Achimwene, ndiikireniko yabwino." Mnyamata wapakompyuta ankafunsa kuti yamtundu wanji. Wina ankati ya akishoni, wina ya lavu, wina n'kuti iliyonse bola ikhale yotentha. Mnyamatayo ankatsegula foda, n'kukopera filimu imene anthu aitenga kwambiri sabata imeneyo.

Mmodzi mwa anthuwo anali mayi amene anabwera kudzadandaula. Dzulo lake anapempha ya lavu, ndipo anam'patsadi ya lavu: ya Chimwenye, ya maola pafupifupi 3, ya mwamuna amene anasiya mkazi wake n'kutenga mnzake wa mkaziyo. Mayiwo anati anaizimitsa isanafike n'pakati pomwe, ndipo usiku wonse sanagone. Mnyamatayo sanalakwe, chifukwa anapereka zimene anapemphedwa. Mayiwonso sananame, ankafunadi nkhani yachikondi. Chimene sichinanenedwe n'chakuti ankafuna kuona anthu awiri akupirira mavuto limodzi mpaka kumapeto, ndipo nkhani yosiyana ukwati inali yowawa kwa iwo pa nthawiyo. Mawu akuti "lavu" sanganyamule zonsezi.

Munthu amene mukum'funsa, kaya ndi wobena, wapavidiyo, mlamu wanu kapena mnzanu wa ku esiteti, amafunika kudziwa zinthu ziwiri zimene ife timazisakaniza. China ndi zimene mumakonda masiku onse, zomwe sizisintha msanga. China ndi mmene mtima wanu ulili madzulo ano, zomwe mawa zikhoza kukhala zina. Munthu wokonda mafilimu ankhondo amakhalabe wokonda ankhondo, koma tsiku limene wachokera kumaliro sangafune kuona mitembo pagalasi. Mukatchula chimodzi chokha pa ziwirizi, wokusankhiraniyo amalota chinacho, ndipo kawirikawiri amalota potengera zimene iye amakonda.

Tiyambe ndi za mtima, chifukwa n'pamene ambiri timalephera. Kunena kuti "ndatopa" kapena "sindikupeza bwino mumtima" ndi theka chabe la uthenga. Theka linalo ndi kumene mukufuna kuti filimuyo ikufikitseni. Anthu awiri akhoza kukhala ndi chisoni chofanana, wina n'kufuna kuseka kuti aiwale, winayo n'kufuna filimu yomuliza kuti zimene zili pachifuwa zituluke. Onsewa ali bwino, koma mafilimu awo ndi osiyana ngati usiku ndi usana. Choncho chiganizo chanu chikhale ndi mbali ziwiri: mmene ndililimu ndi chonchi, ndipo ndikufuna ndikamagona ndikhale chonchi.

Ngakhale kutopa kuli pawiri. Amene wakhala tsiku lonse m'munda wa tiyi dengu lili kumsana watopa thupi, koma mutu wake ukhoza kukhala ndi njala ya nkhani yopiringizika, ya wapolisi wofufuza mlandu, yofuna kuti uzikumbukira amene ananena chiyani. Mphunzitsi amene wachonga makope a kalasi yodzaza watopa mutu, ndipo nkhani yomweyo ingomuwonjezera katundu. Iyeyo amafuna filimu yoti ngakhale atadzuka kukathira madzi a tiyi, pobwera aipeza akuimvabe. Mukangoti "ndatopa", wobenayo sadziwa kuti ndinu uti pa awiriwa.

Nkhaniyi akatswiri anaifufuzapo. Dolf Zillmann, yemwe ankaphunzitsa za zofalitsa mauthenga ku America, analemba mu 1988 kuti anthu amasankha zoonera pofuna kuwongola mmene akumvera: wosungulumwa chifukwa chosowa chochita amakokera ku zothamangitsa magazi, pomwe wopanikizika amakokera ku zodekha. Mfundo yake ina imene ndimaiona kuti ndi yothandiza kwambiri ndi yakuti nkhani yofanana ndi vuto lako siikuiwalitsa vutolo, imakukumbutsa. N'zimene zinawachitikira mayi aja. Koma lamuloli silikwanira pa aliyense, chifukwa alipo ambiri amene amafuna dala mafilimu oliza, ndipo katswiri wina, Mary Beth Oliver, analemba za zimenezi mu 1993. N'chifukwa chake palibe amene angakuuzeni kuti munthu wachisoni aziona yoseketsa basi. Mwini wake ndiye anene kumene akufuna kupita.

Tsopano za zimene mumakonda. Apa vuto ndi mawu a mitundu amene tinazolowera: akishoni, lavu, komedi, hora. Ndi mawu otakata kwambiri. Tengani akishoni. M'thumba limeneli muli mafilimu a karate a Chitchaina, momwe kukoma kwake kuli poona mnyamata akuphunzitsidwa ndi nkhalamba, kutunga madzi ndi kumenya mtengo mpaka adziwe. Mulinso a asilikali, a mfuti ndi mabomba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Muli a akuba okonza mapulani othyola banki, momwe mwina simuwombedwa mfuti mpaka chakumapeto, koma mtima umakhala m'mwamba nthawi yonse. Muli a kubwezera, a munthu amene anamuphera abale ake. Muli a Chimwenye, momwe sitelingi amamenya anthu 20 yekha kenako n'kuvina. Wokonda a karate akhoza kugona pa a asilikali. Kampani ya Netflix, yoonetsa mafilimu pa intaneti, inaliona vutoli kalekale, ndipo inalemba anthu ntchito yoonera mafilimu n'kumalemba tizizindikiro ta zimene zili m'katimo. Mu 2014 mtolankhani Alexis Madrigal atawerenga timagulu timene tinatuluka pamenepo anapeza 76,897. Ife pa Chitakale kapena pa Luchenza timafuna kuti mawu 4 agwire ntchito yomweyo.

Njira imene ndaiona ikugwira ndi yosavuta: tchulani filimu imodzi imene munaikonda, kenako tchulani malo enieni m'filimumo amene anakugwirani mtima, ndi chifukwa chake. Dzina la filimu palokha silikwana. Anthu atatu akhoza kukonda filimu imodzi ya Chinaijeriya, woyamba chifukwa cha apongozi ankhanza amene anayaluka kumapeto, wachiwiri chifukwa cha zamatsenga, wachitatu chifukwa cha nthabwala za mlonda wapageti. Mukangotchula dzina, wobenayo adzakupatsani ina yokhala ndi osewera omwewo, poti ndicho chooneka msanga. Koma mukati, "Ndinakonda pamene mtsikana wantchito uja anadziwika kuti ndiye mwini nyumba, onse amene ankamunyoza n'kugwa nkhope," mwamuuza kuti mumakonda nkhani za wonyozeka amene amakwezedwa. Nkhani zotere zilipo za Chikoreya, za Chifilipino, za Chimwenye, ngakhale za karate. Mwam'tsegulira mafoda ambiri, ndipo onse ndi okuyenerani.

Dzina mukaliiwala musadandaule. Ambiri mwa ife mafilimu timawadziwa ndi nkhope ya sitelingi kapena ndi dzina limene womasulira anawapatsa. Kufotokoza malo aja kumaposa dzina.

Chimene anthu satchula n'komwe, chomwe kwa ine ndi chofunika kuposa filimu yokondedwa, ndi filimu imene munaisiyira panjira. Nenani kuti munaisiya pati. Amene anazimitsa patangotha mphindi 15 chifukwa palibe chimene chinkachitika ali ndi vuto ndi liwiro la nkhani. Amene anafika pakati n'kusiya chifukwa anasokonezeka kuti uyu ndi mwana wa ndani ali ndi vuto ndi kuchuluka kwa anthu m'nkhani, ndipo masiriizi a mafumu a Chikoreya kapena a ku Turkey a mayina ambiri samuyenera pa tsiku lotopa. Amene anaonera yonse koma n'kukwiya kuti sitelingi wafa akufuna mathero okoma, ndipo anene poyera, si zamanyazi. Mavuto atatuwa onse timawatchula ndi mawu amodzi akuti "inali yobowa", pomwe mankhwala ake ndi osiyana.

Palinso zimene simukufuna kuona m'pang'ono pomwe. Izi n'zovuta kunena pagulu, m'kasitolo modzaza anyamata, koma sipafunika kufotokoza chifukwa. Kungoti "musandiikire yokhala ndi imfa ya mwana" kapena "yopanda zogwirira akazi" n'kokwanira, ndipo wobena waulemu safunsa zambiri. Nditenge chitsanzo cha filimu imene ambiri timainyadira, The Boy Who Harnessed the Wind, ya mu 2019, imene anaitsogolera Chiwetel Ejiofor. Ndi nkhani yoona ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anasiyitsidwa sukulu chifukwa cha fizi n'kupanga makina oyendera mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Munthu akati, "Ndikufuna ya kwathu kuno, yolimbikitsa, yoti ana aonere," aliyense angamupatse imeneyi, ndipo sanalakwe. Koma chilimbikitsocho chili chakumapeto. Mbali yaikulu ya maola pafupifupi 2 amenewo ndi mvula yokokolola mbewu, chilala, njala ya m'zaka za 2001 ndi 2002, anthu akulimbirana chimanga, banja likudya kamodzi patsiku. Kuno ku Mulanje, kumene namondwe wa Freddy anagumula nyumba ndi kukwirira minda mu Malichi 2023, alipo mabanja amene zithunzi zimenezo si nkhani ya pagalasi. Ena angafune kuionera chifukwa chomwecho, kuti aone munthu akutuluka m'mavuto amene iwo akuwadziwa. Ena sangaipirire. Mawu akuti "yolimbikitsa" amangonena za mathero, sanena za njira yokafikira kumeneko. Ngati mukufuna yopepuka kuyambira poyamba, nenani kuti "yopepuka yonse, osati yongotha bwino".

Nenaninso amene muonere nawo. Filimu imene mungaonere nokha pafoni ndi mahedifoni si imene mungaike pa TV pabalaza apongozi ali pampando, ana ali pamkeka. Tonse tikuidziwa mphindi ija pamene aliyense amayang'ana pansi wina akufufuza rimoti. Manambala a zaka amene amalembedwa pa mafilimu, monga 13, 16 kapena 18, amathandiza, koma pa filimu yokopedwa kokopedwa nthawi zambiri saonekanso. Choncho musangoti "ya banja". Nenani kuti wamng'ono ali ndi zaka 7 ndipo amalota zoopsa, kapena kuti agogo sakondwa ndi zopsompsonana. Mukumbukirenso kuti pa mafilimu omasuliridwa m'Chichewa pali pakamwa pawiri: pa osewera ndi pa womasulira. Filimu ikhoza kukhala yoyera, koma dijeyi n'kumaponyamo nthabwala zosayenera ana.

Za omasulirazi ndikhalepo pang'ono, chifukwa kwathu kuno ndi gawo la kukoma kwa filimu. Alipo madijeyi amene amatsata nkhani mokhulupirika, kunena zimene wosewera wanena n'kukhala chete pamene pakufunika chete. Alipo ena amene amasandutsa filimu iliyonse kukhala yoseketsa, kuwapatsa osewera mayina akumudzi, kutchula misika yathu, nthawi zina n'kuneneratu zimene zichitike kutsogolo. Pa filimu ya karate Loweruka masana ndi anzako, wachiwiriyu ndiye mchere wake. Pa filimu yachisoni imene umafuna ikulize, amakuphera zonse. Ndiye ponena zimene mukufuna, onjezani kuti mukufuna yomasulira yotsata nkhani, yomasulira yanthabwala, kapena yosamasulira. Mukasankha yosamasulira ya Chikoreya kapena ya Chimwenye, dziwani kuti mudalira mawu olembedwa m'munsi, ndipo pa kafoni ka mabatani mawu amenewo saoneka. Mafilimu a hora ndi ena ochitikira usiku nawonso pa kagalasi kakang'ono amangokhala mdima wokhawokha.

Nthawi nayo itchulidwe m'manambala. Filimu ya Chimwenye kawirikawiri imatenga maola 2 ndi theka kapena 3. Siriizi ya Chikoreya nthawi zambiri imakhala ndi magawo 16, lililonse pafupifupi ola. Za Chifilipino zimatha kupitirira magawo 100. Za Chinaijeriya zambiri zimadulidwa kukhala pati 1, pati 2 mpaka kutsogolo, ndipo chowawa n'kufika kumapeto kwa pati 2 n'kupeza kuti yotsatira wobenayo alibe. Amene amadzuka 4 koloko kuti akafike ku fakitale asatenge siriizi pakati pa sabata, chifukwa gawo lililonse limathera pamalo okukoka kuti uyambe lina. Amene amadalira batire ya sola imene imatha pakapita maola awiri anene zimenezo.

Mlamu wanga wa ku Bvumbwe, amene amagulitsa masamba, ndiye anandionetsa mmene zonsezi zimakhalira zikaphatikizidwa. Kale ankatuma mwana ndi memori khadi ndi mawu awiri, "ya komedi", ndipo kawiri konse anam'bweretsera zoseketsa za anyamata a m'tauni, zaphokoso ndi zotukwana, zimene anazizimitsa apongozi ake asanamalize kukhala pansi. Tinakhala pakhonde n'kuyamba kufunsana. Ndinam'funsa kuti ndi liti pamene anaseka kwambiri poonera filimu. Anaganiza kanthawi, n'kutchula ya Chinaijeriya ina imene dzina analiiwala, ya bambo wa kumudzi amene anapita kwa mwana wake mumzinda n'kumalimbana ndi zinthu za m'nyumba yamakono. Ndinati, chinakusekesani n'chiyani, kugwa kwake? Anati ayi, n'chakuti bamboyo sankadziona wotsika, ankawakonza a mumzindawo molimba mtima ngati iwo ndiwo osadziwa. Apo tinapeza kuti iye sakonda nthabwala zomenyana ndi kugwa, amakonda za khalidwe la munthu. Nditafunsa imene anaisiya, anati ina ya mfiti, osati chifukwa cha mantha ake koma mwana wake wamng'ono anakana kugona yekha sabata yonse.

Ulendo wotsatira mlamu wangayo anapita yekha kwa mnyamata wobena, ndipo ananena chonchi: "Achimwene, ndakhala pamsika kuyambira m'mawa, mutu watopa ndi kuwerengera, ndikufuna kuseka osaganiza zambiri. Ndimakonda za munthu wakumudzi amene wafika m'tauni koma sadzichepetsa. Tionera pa TV ndi apongozi ndi mwana wa zaka 7, ndiye yopanda zamatsenga ndi zotukwana. Ikhale yomasulira, yothera pomwepo, yosapitirira maola 2." Kunena zonsezi sikunam'tengere ngakhale mphindi imodzi. Mnyamatayo anasiya foda imene anali atatsegula kale, n'kutchula mafilimu awiri, n'kuchenjeza yekha kuti imodzi ili ndi sing'anga pakati pake ngakhale ndi woseketsa. Chenjezo limenelo ndicho chizindikiro chakuti munthu wakumvani. Amene sanamve amangoti "iyi ndi yotentha, aliyense akuitenga."

Musanachotse memori khadi, yesani zimene mwapatsidwa. Safunsa anadya phula. Funso loyamba ndi lakuti, "Mwaionera nokha?" Obena ambiri ali ndi mafilimu mazanamazana ndipo sangaonere onse, choncho ena amawadziwa ndi chithunzi chapamwamba basi. Lachiwiri, "N'chiyani chakuchititsani kuganiza kuti indiyenera?" Yankho likabwereza mawu anu, monga kuti muli bambo wakumudzi wamakani, zili bwino. Kenako pemphani kuti aitsegule, adumphe aonetse pang'ono poyambirira, pakati ndi cha kutsogolo koma osafika kumapeto. M'mphindi 2 mumva ngati mawu a womasulira akugwirizana ndi zithunzi, ngati chithunzi chili chowala, ndiponso ngati filimuyo ndi ya anthu olankhulana m'nyumba kapena othamangitsana panja. Za mathero funsani mosamala kuti asakuuzeni nkhani yonse: "Musandiuze zimene zichitike, mungondiuza ngati ndigone ndi mtima wopepuka."

Njirayi ili ndi malire ake. Mukachulutsa zoletsa, kufika 8 kapena 10, sipatsala filimu, ndipo wokusankhiraniyo amangogwa ulesi. Sankhani chimodzi kapena ziwiri zimene simungalolere, zinazo muzinene ngati zokhumba chabe. Komanso mukamafotokoza bwino kwambiri zimene munakonda kale, mudzapatsidwa zofanana nazo mpaka kalekale, bambo wakumudzi m'tauni sabata ndi sabata. Tsiku limene muli ndi mphamvu nenani dala kuti, "Lero ndipatseni yosiyana ndi zimene ndimatenga, bola zoletsa zija zikhalepo." Ndipo pena munthu sudziwa chimene ukufuna mpaka filimu itayamba. Zikatero tengani ziwiri zosiyana, yopepuka ndi yolemera, muipatse yoyambayo mphindi 15 kapena 20. Ikakanika sinthani, koma muzindikire chimene chakulepheretsani, chifukwa chimenecho ndicho mukanene ulendo wina.

Kubwerera kukanena n'kumene ambiri sitichita. Timangosiya kupita kwa wobena amene watikhumudwitsa, kapena timangoti "inali bho" n'kupempha ina. Mlamu wanga atabweza memori khadi Lachiwiri anamuuza mnyamata uja kuti yoyamba inawasekesa onse mpaka apongozi anapempha kuti abwereze malo ena, koma yachiwiri inachedwa kuyamba ndipo womasulira ankalankhula pamwamba pa osewera mpaka nthabwala zenizeni zinkasowa. Mnyamatayo anafunsa kuti ndi dijeyi uti, n'kunena kuti filimu yomweyo ali nayo ya womasulira wina wodekha. Anaikopera pomwepo, ndipo pakona pa kope lake la ngongole analemba kuti: mayi a masamba, zoseketsa za khalidwe, pali mwana.